Kalata yopempha tchuthi chokawotchedwa khansa ku Lilongwe: ndilembe masabata angati?

Nachisale_wa_Luchenza
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndinapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo adokotala anditumiza ku chipatala cha khansa cha ku Lilongwe kuti akandiwotche ndi makina aja otulutsa cheza chopha khansa. Akuti ndikafike Lolemba pa 4 Meyi kuti akandijambule, kenako kuwotchako n'kwa masabata asanu. Ine ndimagwira ntchito pa kauntala mu shopu ya zipangizo zomangira, chaka chachinayi chino, Lolemba mpaka Loweruka. Abwana sindinawauze bwinobwino, amangodziwa kuti ndimapitapita kuchipatala. Kalata ndalemba ndi iyi:

"Okondedwa Bwana, ndikupempha mundichitire chifundo mundilole ndichoke kwa masabata asanu chifukwa ndikudwala. Ndikudziwa kuti ndikukusokonezani, pepani kwambiri. Ndikachira ndidzabweza masiku onsewa."

Ndiipereke choncho? Mantha anga ndi oti ndidzapeza pa mpando panga pali wina.

Dalitso88
Pepani mayi. Mulungu akutsogolereni, mudzabwerako ndi umboni.

Mai_Nesi
Achemwali, musaipereke kaye. Ndagwirapo ntchito ndi odwala khansa, ndipo masabata asanu amenewo ndi a mbali imodzi chabe. Tsiku lojambula si tsiku loyamba kuwotcha. Amakugonekani pa sikani, n'kuika timadontho pakhungu toti makina azilunjika pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, kenako madokotala amakhala pansi kukonza mmene cheza chidzalowere kuti chisapweteke kwambiri chikhodzodzo ndi matumbo. Zimenezo zimatha kutenga sabata imodzi kapena ziwiri. Zikatha ndiye mumayamba kuwotcha kwa kunja, kawirikawiri maulendo 25 kapena kuposerapo pang'ono, Lolemba mpaka Lachisanu. Apo ndi pamene pachokera masabata asanu munamvawo. Ambiri amalandiranso kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, kamodzi pa sabata nthawi yomweyo. Ndiye pamabwera kuwotcha kwa mkati, komwe amalowetsa kachipangizo pa khomo la chiberekero penipenipo, maulendo atatu kapena anayi. Cholinga cha madokotala chimakhala choti kuyambira tsiku loyamba kuwotcha, zonse zithe m'masabata asanu ndi atatu. Mukafunse adokotala anu ngati ndondomeko yanu ndi yomweyi, koma musadabwe akavomera.

Nachisale_wa_Luchenza
Mayo ine. Zamkatizo anazitchula ndithu, koma mutu unali utaima, ndinangogwira za masabata asanu.

Mai_Nesi
Zimachitikira aliyense tsiku lomva uthenga. Ndiwonjezere kuti musawerengere zoti mukatsika basi Lamlungu, Lolemba muli pa kauntala. Kutopa, kutsegula m'mimba ndi kuwotcha pokodza zimafika pachimake chakumapeto, ndipo zimapitirira sabata imodzi kapena ziwiri makina atasiya. Ntchito yanu ndi yoima tsiku lonse. Ikanipo masabata awiri opuma, osachepera.

Chimwene_Jo
Osadandaula asisi, lamulo limati munthu wodwala ali ndi miyezi itatu ya malipiro athunthu. Bwana akakana mukamusiye ku leba, aona polekera.

Mdala_wa_Mafayilo
A Jo, miyezi itatu mwalasa, koma malipiro athunthuwo mwaphonya, ndipo mungawagwetse m'dzenje mayiwa. Ndakhala zaka zambiri mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, gawo 46, limati amene wagwira miyezi 12 mosadukiza ali ndi masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro athunthu, ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, m'chaka chilichonse. Onse pamodzi ndi masabata 12. Umenewo ndi mlingo wotsikitsitsa. Ngati kontirakiti yanu ikupereka zoposa, mutsate kontirakitiyo, choncho iwerengeni usiku uno. Komanso bwana sakakamizidwa kupereka tchuthichi popanda kalata ya dokotala wovomerezeka.

Tsono kalata yanu, mayi, ili ndi zinthu zitatu zimene zingakupwetekeni. Choyamba a nesi anena kale. Mukalemba masabata asanu, inu n'kukhala khumi, bwana amakhala ndi pepala la dzanja lanu lomwe losonyeza kuti masabata asanu enawo munangosowa. Ndinaonapo munthu akulemberedwa kalata yothawa ntchito chonsecho ali pa bedi. Chachiwiri, mawu oti "mundichitire chifundo". Chifundo munthu amatha kukana, n'kugona tulo tabwino. Lembani mwaulemu, koma tchulani kuti ndi tchuthi cha matenda ndipo mwaphatikiza kalata ya dokotala. Chachitatu ndiye choopsa: "ndidzabweza masiku onsewa". Mubweza bwanji? Simunabwereke kanthu. Fufutani.

Chimwene_Jo
Chabwino mdala, ndagonja pa theka. Koma za ku lebazo sindikubweza.

Mdala_wa_Mafayilo
Ku leba kulipo, ndi khoti la za ntchito liliponso, ndipo gawo 57 limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Koma kumeneko amafunsa mapepala. Ndiye tikonze pepalalo kaye. Ndipo kalata yoyamba musaopsezemo za leba, munthu asanakane n'komwe.

Zione_K
Ine ndingofunsa, bwanji osapita ku Blantyre? Kuli chipatala cha khansa chapulayiveti chomwe chinatsegulidwa mu 2024, makina aliko. Kuchokera ku Luchenza mutha kumapita m'mawa, masana muli pa ntchito. Kuwotchako akuti ndi mphindi zochepa.

Nachisale_wa_Luchenza
Achemwali, malipiro anga ndi K280,000 pa mwezi, ndilibe sikimu ya chipatala. Kumene anditumizako ndi kumene ndingakwanitse.

Mai_Nesi
Pa makina pamatengadi mphindi khumi kapena makumi awiri basi. Koma pali kudikira pa mzere, kumwa madzi kuti chikhodzodzo chidzaze musanalowe, kuyezetsa magazi sabata iliyonse, ndipo tsiku la kemo limatha lonse. Alipo ena, makamaka a khansa ya bere omwe amakhala pafupi, amene amagwirako ntchito theka la tsiku. Kwa mayiwa, Lilongwe ili pa mtunda wopitirira makilomita 300, nkhani imeneyo palibe.

Mlimi_Wamakono
Mayi musanapite kowotchedwako yesani masamba a mpoza ndi adyo, mwezi umodzi wokha. Mlamu wanga...

Mai_Nesi
Ayi, bambo. Mwezi umodzi umenewo chotupa chikhoza kukula, kuchigonjetsa n'kukhala kovuta kwambiri. Mayiwa afunsa za kalata.

NaBanda_Area25
Ndikuuzeni zanga. Mayi anga anawotchedwa kunja kwa dziko, kuno makina asanabwere, ine ndinali gadiyani. Tinanyamuka tikudziwa kuti ndi masabata asanu ndi limodzi, tinakhala khumi ndi limodzi. Sabata yachitatu makina anawonongeka masiku anayi. Kenako magazi a mayi anatsika, anati sangapitirize kemo mpaka awonjezere magazi. Tsiku lililonse lodumpha amaliwonjezera kumapeto, salitaya. Ine kuntchito ndinali nditapempha mwezi umodzi ndi theka pakamwa chabe, kwa supavayiza amene ndimagwirizana naye. Ndili konko iye anasamutsidwa, wobwerayo sankandidziwa. Ndinabwerera n'kupeza malipiro a mwezi wonse atadulidwa, ndipo ndinalibe chosonyeza. Ndiye tsiku lobwerera musalimange mfundo. Lembani kuti "ndikuyembekeza".

Mdala_wa_Mafayilo
Ndi zoona, komanso musalisiye lopanda tsiku. Bwana akaona "ndidzabwera ndikachira" amayamba kufunafuna munthu wokhazikika, chifukwa sadziwa ngati ndi miyezi iwiri kapena chaka. Mpatseni tsiku loti akonzekere nalo, n'kuwonjezera kuti likasintha mudzatumiza kalata ina ya chipatala. Tiyeni tiwerenge. Kujambula 4 Meyi. Tiyerekeze kuwotcha kwayamba pa 18 Meyi. Masabata asanu ndi atatu akutifikitsa pa 10 Julayi. Kupuma masabata awiri, kubwerera Lolemba pa 27 Julayi. Kuchoka pa 4 Meyi kufika pa 27 Julayi ndi masabata 12 ndendende. Funso: chaka chino mwatengapo kale masiku a matenda?

Nachisale_wa_Luchenza
Eya, sabata yathunthu mu Januwale, pamene ankadula kanyama kokayeza kaja. Tchuthi cha pachaka ndiye sindinakhudze.

Mdala_wa_Mafayilo
Ndiye ngati pa shopu panu amawerenga chaka kuyambira Januwale, mwatsala ndi masabata atatu athunthu ndi asanu ndi atatu a theka, 11 onse, mukupelewera imodzi. Ena amawerenga kuyambira mwezi umene munalembedwa ntchito, ndiye mufunse. Koma poti mumagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, muli ndi masiku 18 a tchuthi cha pachaka, omwe ndi masabata atatu a malipiro athunthu.

Tingowerengera K70,000 pa sabata kuti masamu asavute. Njira yoyamba: masabata atatu athunthu K210,000, asanu ndi atatu a theka K280,000, ndi sabata imodzi ya tchuthi cha pachaka K70,000. Zonse K560,000. Njira yachiwiri: mutenge tchuthi chonse cha pachaka, kuti masabata asanu ndi limodzi akhale athunthu, K420,000, otsala asanu ndi limodzi a theka, K210,000. Zonse K630,000, ndipo mwasungako masabata awiri a theka oti akugwireni makina akachedwa. Ine ndikanasankha yachiwiri.

Tiyamike_Accounts
Ine ndikutsutsa mdala. K70,000 yowonjezerayo si mphatso, ndi tchuthi chawo chomwe akudya. Akamaliza chithandizo adzafunika kubwerera ku Lilongwe kukaonedwa, ulendo umodzi ndi masiku atatu: kupita, kuonedwa, kubwera. Ngati tchuthi cha pachaka chatha, masiku amenewo adzakhala a theka kapena opanda malipiro. Komanso munthu amafuna kupuma Disembala ngati anzake.

Mdala_wa_Mafayilo
Mukunena zomveka. Kungoti ndalama imafunika kwambiri pamene uli ku Lilongwe, ukulipira khomo la kwanu ndi la kuchilendo nthawi imodzi. Disembala adzaona Disembala.

Tiyamike_Accounts
Mwina pakati: masabata awiri a pachaka, imodzi asunge. Koma asankhe okha mayiwa, ndi amene akudziwa thumba lawo.

Kabaza_Boy
Nanga masabata awiri a pakati pa kujambula ndi kuyamba aja, osabwerera kukagwira ntchito bwanji? Ndi masiku opulumutsa amenewo.

NaBanda_Area25
Thiransipoti yopita ndi kubwera idya zimene apulumutsazo. Komanso akhoza kuimbiridwa foni madzulo kuti mawa mubwere, malo apezeka. Uli ku Luchenza utani?

Mai_Nesi
Zimatheka ndithu ngati akuuzani tsiku lenileni loyambira ndipo lili patali. Mufunse tsiku lojambulalo. M'kalata mutha kuikamo chiganizo chimodzi choti mpata ukapezeka mudzabwera kudzagwirako, koma osalonjeza.

NaBanda_Area25
Za kogona mwakonza? Odwala ambiri owotchedwa sagonekedwa, amachokera kunyumba tsiku ndi tsiku. Ngati muli ndi abale, sankhani amene ali pa njira ya minibasi imodzi kukafika kuchipatala, ndipo chimbudzi chikhale pafupi, sindikuseka. Sabata yachinayi mudzandikumbuka.

Nachisale_wa_Luchenza
Kuli azakhali anga ku Kawale. Koma ali ndi zidzukulu zing'onozing'ono, ndipo mwana wawo wanena kale kuti cheza chimenecho ndizidzabwera nacho kunyumba.

Mai_Nesi
Muwauze kuti si zoona. Makina akazima, m'thupi simutsala cheza chilichonse, mutha kunyamula khanda tsiku lomwelo. Kwa mkati kuja nakonso kachipangizo amakachotsa musanatuluke m'chipinda. Ku shopu kwanunso wina adzayamba zomwezo, kukana kulandira chenji m'manja mwanu. Yankho ndi lomwelo.

Zione_K
Pamenepo ndiye pali funso langa. M'kalatamo atchule kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero? Ine sindingatero. Anthu akangomva amayamba zonena, ati ankayendayenda, ati ali ndi kachilombo. Kalata imadutsa m'manja ambiri.

Chimwene_Jo
Atchule basi. Bwana akamva khansa mtima umagwa, mwinanso athandizapo ya thiransipoti. Ukabisa amaganiza kuti wapeza ntchito kwina.

Mdala_wa_Mafayilo
Nonse muli ndi mbali. Kalata ya dokotala imayenera kunena chimene chikumulepheretsa munthu kugwira ntchito, ndiye kubisiratu n'kovuta. Koma kalata yanuyo siyenera kufotokoza chiwalo. Mutha kulemba "chithandizo cha khansa", kapena kungoti "chithandizo chimene chafotokozedwa m'kalata ya adokotala", ya adokotalayo n'kuiika mu envulopu yomata, kupereka m'manja mwa abwana enieniwo. Muwonjezere mzere wopempha kuti nkhaniyi isafalikire. Chinanso, muwapemphe adokotala alembe nthawi yonse, kuphatikizapo yojambula ndi yopuma. Kalata yanu ikati masabata 12, yawo n'kuti asanu, bwana adzagwira ya adokotala.

Nachisale_wa_Luchenza
Imene ndili nayo ndi yonditumiza ku Lilongwe chabe, sinatchule masabata.

Mdala_wa_Mafayilo
Perekani kope ya imeneyo pano ngati simukudandaula ndi zimene zalembedwamo, apo ayi mubwerere kwa amene anakutumizani akulembereni yachidule ya kuntchito. Ya masabata mukaitenge ku Lilongwe tsiku lojambula, muijambule pa foni n'kutumiza, yeniyeniyo muisunge.

Tiyamike_Accounts
Ndipo ikhale m'Chingerezi, ya ofesi imeneyo.

NaBanda_Area25
Chifukwa? Abwana ake amalankhula Chichewa tsiku lonse pa shopu. Bola zimene walemba azimvetse mwini wake, osati kusayinira zomulembera wina.

Tiyamike_Accounts
Zikafika ku khoti mudzaona ubwino wake. Koma chabwino, akhoza kulemba ziwiri.

Nachisale_wa_Luchenza
Ndakhala pansi usiku, ndalembanso. Onani:

"Kwa Bwana Woyang'anira,

PEMPHO LA TCHUTHI CHA MATENDA: 4 MEYI MPAKA 25 JULAYI

Ndikukudziwitsani kuti madokotala anditumiza ku Lilongwe kukalandira chithandizo cha khansa chimene sichipezeka pa chipatala chathu kuno. Chithandizochi chimaperekedwa tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo sichiyenera kudukizidwa, choncho ndidzakhala konko mpaka chithe. Kalata ya chipatala ndaiphatikiza.

Ndikupempha tchuthi kuyambira pa 4 Meyi, ndipo ndikuyembekeza kubwerera pa ntchito Lolemba pa 27 Julayi. Masabata 12 amenewa akuphatikiza kujambulidwa, chithandizo chenicheni ndi masabata awiri opuma. Tsikuli likhoza kusintha malinga ndi madokotala. Zikatero ndidzakudziwitsani msanga ndi kalata ina ya chipatala.

Ndikupempha kuti masikuwa awerengedwe motere: masabata awiri a tchuthi changa cha pachaka, masabata atatu a tchuthi cha matenda pa malipiro athunthu, ndi masabata asanu ndi awiri pa theka la malipiro.

Ndisanachoke ndidzawerengetsa katundu ndi ndalama za pa kauntala, n'kupereka makiyi ndi buku la angongole kwa amene mudzamusankhe. Ndidzakutumizirani uthenga Lachisanu lililonse lachiwiri kukuuzani mmene zikuyendera.

Chonde nkhani ya matenda angayi ikhale pakati pa inu ndi ine. Ndingathokoze mutandiyankha polemba pasanafike pa 25 Epulo, kuti ndikonze za ulendo.

Ine wanu,"

Dalitso88
Iyi ndiye kalata. Yoyamba ija inali ngati mukupepesa mlandu.

Mdala_wa_Mafayilo
Masamu akugwirizana, 2 ndi 3 ndi 7 ndi 12, ndipo mwasunga sabata imodzi ya theka ndi imodzi ya pachaka. Mwatsata a Tiyamike, palibe vuto. Za kuwerengetsa katundu mwachita bwino kwambiri, koma tsiku limenelo musayinirane ndi wolandirayo. Munthu ukachoka miyezi itatu, matumba a simenti osowa onse amakhala ako. Musindikize makope awiri, abwana asayine ndi kulemba tsiku pa yanu, ndi chidindo ngati chilipo. Akakana kusayina, mutumizenso pa foni kuti pakhale chosonyeza tsiku limene anailandira.

Mai_Nesi
Ine mzere wa Lachisanuwo ukundidetsa nkhawa pang'ono. Padzakhala masabata oti foni simudzafuna n'kuiona komwe. Mulembe kuti inu kapena amene akukusamalirani ndi amene adzatumize. Ndipo uthengawo ukhale wa masiku okha, osati zoti lero ndasanza kangati.

Zione_K
Mawu oti khansa mwawasiyamo dala?

Nachisale_wa_Luchenza
Dala. Ndachotsa chiwalo chokha. Luchenza ndi yaing'ono achemwali, adzamva ndithu, bola amve kwa ine.

Kabaza_Boy
Mwapereka? Tiuzeni.

Nachisale_wa_Luchenza
Ndapereka dzulo. Anawerenga kawiri, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti mlongo wawo anamwalira ndi matenda omwewa. Asayina kope yanga. Masabata 12 avomera. Koma akuti sabata ya mu Januwale ija anailemba ngati tchuthi cha pachaka, poti sindinabweretse kalata ya dokotala nthawi imeneyo, ndipo akufuna kuika mphwawo pa kauntala "mongogwirizira". Za malipiro akuti ayankha akaonana ndi owerengera ndalama.

Tiyamike_Accounts
Ngati Januwale analemba pachaka ndiye masabata anayi athunthu a matenda akadalipo onse, a pachaka atsala awiri. Simunaluze kanthu, zangosinthana malo. Mulembenso ndime ija: sabata imodzi ya pachaka, anayi athunthu, asanu ndi awiri a theka. Ndalama ndi zomwezo.

Chimwene_Jo
Mphwake wa bwana sagwirizira, amakhazikika. Ndanena ine.

Mdala_wa_Mafayilo
Mwina, mwina ayi. Mayi, poyankha za malipirozo muwapemphe alembemo mawu oti mudzabwerera pa ntchito yanu yomweyo, ndi malipiro omwewo. Mwatsala ndi masiku angati kuti munyamuke?

Nachisale_wa_Luchenza
Khumi ndi awiri. Mawa ndikawakumbutsa ndikamatsekera kauntala.